Nyama yofa yokha ndi mkaka wosawiritsa: kodi moto umatiteteza mpaka pati?

Ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa kapena ku Machinjiri, ndi anthu ochepa amene ali ndi khola la ng'ombe. Koma pafupifupi nyumba iliyonse imagulako nyama pamsika, kanyenya pachiwaya, kapena mkaka wa m'zigubu umene umabwera panjinga m'mawa. Matenda awiri a ziweto, anthiraksi ndi buluselosisi, angathe kufika m'nyumba za m'tauni podzera njira zimenezi. Anthu ambiri amakhulupirira kuti chilichonse chikapsa pamoto ndiye kuti chayera. Pa nkhani ya mkaka chikhulupiriro chimenechi n'choona ndithu. Pa nkhani ya nyama ya chiweto chofa chokha, moto umafika zinthu zitawonongeka kale, ndipo chitetezo chenicheni chimayenera kuchitika kutali ndi khitchini yanu.

Kodi matendawa aliko kuno kwathu, kapena ndi nkhani za maiko ena?

Anthiraksi aliko, ndipo sali patali. Kumapeto kwa chaka cha 2018, mvuu zoposa 40 zinafa ndi matendawa mumtsinje wa Shire, m'nkhalango yosungira nyama ya Liwonde. Kumapeto kwa 2023 munthu anapezeka nawo m'boma la Mzimba, nthawi imene ku Zambia kunali mliri waukulu umene unayambira m'boma la Sinazongwe. M'mwezi wa Disembala chaka chomwecho, bungwe loona za umoyo padziko lonse linalengeza kuti m'maiko asanu, Malawi, Zambia, Zimbabwe, Kenya ndi Uganda, anthu oposa 1,100 ankaganiziridwa kuti adwala anthiraksi ndipo 20 anali atamwalira. Wina anganene kuti Liwonde ndi Mzimba si Blantyre. N'zoona, koma chiweto chimakwera lole, ndipo nyama yodulidwa kale imakwera minibasi m'thumba popanda woifunsa. Nyama yambiri ya ng'ombe imene timadya mumzinda muno imachokera kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, malo otentha amene madzi amasefukira kenaka n'kuuma. Nthaka yotere ndi imene tizilombo ta anthiraksi timakhalitsamo tikangolowamo.

Za buluselosisi tiyenera kunena mwachilungamo. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2014 anapeza zizindikiro za matendawa m'magazi a ng'ombe zamkaka pafupifupi 8 mwa 100 zilizonse zimene zinayezedwa kumpoto kwa dziko lino. Kafukufuku wina, wofalitsidwa mu 2021, anayeza ng'ombe zamkaka zoposa 500 m'chigawo chakumwera ndipo sanapezemo ngakhale imodzi yodwala. Imeneyi ndi nkhani yabwino kwa anthu a ku Blantyre, ndipo sitiyenera kuibisa pofuna kuopseza anthu. Komabe zotsatirazo zikunena za ng'ombe zimene zinayezedwa pa nthawi imeneyo. Sizikunena za mbuzi, kapena za ng'ombe imene mlimi angagule mawa kuchokera kwina osaiyezetsa. Ng'ombe yaikazi imodzi yodwala, ikapoloza m'khola, imatha kupatsira khola lonse.

Chimachitika n'chiyani kwenikweni ng'ombe ikafa ndi anthiraksi?

Kachilombo ka anthiraksi kali ndi moyo wa mitundu iwiri, ndipo amene wamvetsa zimenezi wawamvetsa matendawa. M'thupi la chiweto kamakhala kamoyo, kakuswana mofulumira m'magazi ndi kutulutsa poizoni. Kakangotuluka n'kukumana ndi mpweya, kamadzikuta m'chikhokho cholimba n'kugona. Kali m'tulo chotero sikaopa dzuwa, chilala kapena mchere, ndipo kamatha kukhala m'dothi zaka makumimakumi, monga njere za kaufiti zimadikirira m'munda mpaka chimanga chitadzalidwa. Ng'ombe kapena mbuzi imakameza ikamadya udzu waufupi pafupi ndi dothi nthawi yachilimwe, kapena madzi osefukira akavundula nthaka n'kukabweretsa pamwamba.

Tiyerekeze ng'ombe imene yadya bwino dzulo madzulo kumudzi wina kuchigwa, ndipo m'mawa yapezeka itafa m'khola. Inali yonenepa, sinaonde, mwina sinaonetse n'komwe kudwala. Mimba yatupa msanga, thupi silinaume gwa monga mtembo wa chiweto umachitira, ndipo m'mphuno, m'kamwa ndi kumbuyo mukutuluka magazi akuda osaundana. Mwini wake akuona chuma chake chagona pansi, ndipo akuitana anyamata kuti asende msanga nyama isanawonongeke. Mpeni ukangolowa, magazi odzaza tizilombo amakhuthukira pansi, pamanja ndi pazovala, ndipo tizilomboto timayamba kudzikuta m'zikhokho zija. Akatsegula m'mimba amapeza kapamba wamkulu modabwitsa, wakuda ndi wofewa. Pofika masana nyama ija yagawidwa, ina yaikidwa m'matumba kupita kutauni, chikopa chayanikidwa, agalu akokera mafupa kutchire, ndipo malo osendera aja asanduka nkhokwe ya matenda imene idzapha ziweto zina zaka zikubwerazi.

Ng'ombe yomweyo ikanasiyidwa osatumbulidwa, tizilombo tambiri tikanafera m'kati momwemo pamene mtembo ukuwola, chifukwa sitipirira kuwolako tisanadzikute. N'chifukwa chake lamulo loyamba la alangizi a ziweto ndi lakuti chiweto chofa mwadzidzidzi chisatumbulidwe. Iwo amatengako magazi pang'ono, kawirikawiri kukhutu, n'kukawayeza. Mtembowo umawotchedwa wathunthu mpaka usanduke phulusa, kapena kukwiriridwa m'dzenje lakuya mamita awiri, pamodzi ndi dothi limene lanyowa ndi magazi, kutali ndi zitsime ndi mitsinje.

Nanga tikaiphika mpaka kufewa, kapena kuikazinga pachiwaya, tizilomboto sitifa?

Ili ndiye funso limene anthu amafunsa kwambiri, ndipo lili ndi nzeru yake. Kuphika nyama nthawi yaitali mpaka ipse m'kati kumaphadi tizilombo tamoyo ndipo kumachepetsa ngozi kwa wakudya. Ndicho chifukwa chake pamakhala anthu amene anadyako nyama yotere koma osadwala, n'kumanena kuti alangizi amangokokomeza. Koma tizilombo timene tadzikuta kale timapirira kutentha kuposa tizilombo wamba, ndipo kufutsa nyama, kuithira mchere kapena kuiwamba pautsi sikutipha. Kanyenya nayenso amapsa kunja msanga m'mafuta otentha pamene m'kati mukadali mofiira, makamaka makasitomala akachuluka madzulo.

Chachikulu kuposa apa n'chakuti anthu ambiri amene amadwala anthiraksi sadwala chifukwa cha kudya. Amadwala chifukwa cha kugwira. Wosenda, wonyamula paphewa, wodula pamsika, mayi wotsuka nyama m'beseni ali ndi kabala kakang'ono pachala, onsewa amakhala atakumana ndi tizilombo mphika usanafike pamoto. Pakapita tsiku limodzi kufikira sabata, pamkono, pakhosi kapena kumaso pamatuluka kachiphuphu koyabwa ngati poluma udzudzu. Kamasanduka chithuza, chithuzacho n'kuphulika, ndipo pakati pake pamakhala chikhungu chakuda ngati khala, mozungulira motupa kwambiri. Chosokoneza n'chakuti chilondacho nthawi zambiri sichipweteka, motero munthu amachinyozera kapena kuchipaka mankhwala akunyumba. Popanda chithandizo, munthu mmodzi mwa asanu akhoza kufa nacho tizilombo tikalowa m'magazi. Akalandira msanga mankhwala monga penisilini, dokisisaikilini kapena sipulofulokisasini, pafupifupi onse amachira.

Anthiraksi wa m'mimba, wobwera ndi nyama yosapsa bwino, ndi woopsa kuposa wa pakhungu. Amayamba ngati kutsegula m'mimba wamba, ndi mseru, kusanza ndi kutentha thupi, kenaka kupweteka kwambiri kwa m'mimba, magazi m'masanzi kapena m'chimbudzi, mwinanso kutupa kwa khosi. Amapha ambiri mwa amene achedwa kufika kuchipatala. Ngati anthu awiri kapena atatu amene anadya nyama imodzi ayamba zotere, apite tsiku lomwelo ku chipatala chaching'ono cha dera lawo kapena ku Gulupu, ndipo anene poyera za nyamayo. Dokotala sangaganizire za anthiraksi ngati palibe womuuza.

Ndingaidziwe bwanji nyama yotere pamsika?

Ndi maso okha simungaidziwe, ndipo amene amakuuzani kuti amaidziwa poinunkhiza akudzinamiza. Nyama ya chiweto chofa chokha, imene ambiri amati chibudu, kawirikawiri imakhala yakuda ndi yonyowa magazi chifukwa sanakhetsedwe bwino. Koma ikadulidwa nthulinthuli n'kusakanizidwa ndi ina, kapena ikakazingidwa, chizindikiro chimenecho chimatha. Chimene wogula angadalire ndi njira imene nyamayo yadzera. Chiweto chophedwa pamalo ovomerezeka chimaonedwa ndi woyeza nyama chili chamoyo, chimaonedwanso chitatumbulidwa, ndipo nyama yake imadindidwa chidindo. Kuyeza koyambako ndiko kofunika kwambiri pa anthiraksi, pakuti chiweto chimene chafika chitafa kale kapena chikudzandira sichiloledwa kulowa. Choncho funsani kuti, "Achimwene, nyamayi yaphedwera kuti, nanga chidindo chili pati?" Wogulitsa wachilungamo sakwiya ndi funso limeneli. Chenjerani ndi nyama ya ng'ombe yoyenda m'mabeseni khomo ndi khomo kukada, yopanda mutu kapena chikopa choonetsa kumene yachokera, ndiponso yotsika mtengo kwambiri kuposa ya pabutchala. Palibe amene amagulitsa ng'ombe yabwino pa theka la mtengo wake popanda chifukwa.

Si umphawi kodi umene umachititsa zonsezi? Munthu wanjala mungamuuze kuti akwirire nyama?

Mawu amenewa ndi olemera ndipo sayenera kuyankhidwa mwachipongwe. Mu 2011, m'boma la Chama ku Zambia, mvuu zoposa 80 zinafa ndi anthiraksi mumtsinje wa Luangwa, ndipo anthu oposa 500 anadwala atasenda ndi kudya nyama yake, ena n'kumwalira. Ofufuza atabwerera kukafunsa anthu a kumeneko, pafupifupi mmodzi mwa anayi ananena kuti akadzapezanso mvuu yakufa adzadya, chifukwa cha njala ndi kusowa kwa ndiwo. Anthuwa ankadziwa bwino chimene chinawadwalitsa. Izi zikutiphunzitsa kuti chenjezo la pawailesi palokha silikwanira. Mlimi amene ng'ombe yake yafa wataya fizi ya ana ndi feteleza wa chaka chimenecho, ndipo tikamuuza kuti aikwirire, akumbe yekha dzenje la mamita awiri, agulenso nkhuni zoiwotchera, osalandira kanthu, tikumupempha kuti alipire yekha mtengo wa chitetezo cha tonsefe, kuphatikizapo ife a m'tauni.

Ine ndikuona kuti yankho lake lili pa katemera ndi pa chipukutamisozi, osati pa kudzudzula osauka. Katemera wa anthiraksi wa ziweto alipo kuyambira m'zaka za m'ma 1930, pamene Max Sterne anamupanga ku Onderstepoort ku South Africa. Ndi wotsika mtengo, ndipo jakisoni mmodzi pachaka amateteza ng'ombe. Umboni wa zimene zimachitika katemera akasiyidwa uli ku Zimbabwe. Pakati pa 1978 ndi 1980, nkhondo yomenyera ufulu itasokoneza ntchito za alangizi a ziweto m'midzi, anthu oposa 10,000 anadwala anthiraksi ndipo oposa 180 anamwalira, m'dziko limene kale matendawa ankagwira anthu ochepa chabe pachaka.  Chimene chinasintha n'chakuti ng'ombe zinasiya kubayidwa. Nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto ikakhala ndi katemera wokwanira m'madera okayikitsa, ndiponso njira yopepesera mlimi amene wanena msanga za chiweto chake chakufa, nyama yotereyi imachepa pamsika wa Ndirande popanda kuthamangitsana ndi mavenda. Khonsolo ya mzinda nayo ili ndi gawo lake: mbuzi zambiri zimene zimadyedwa m'malokeshoni zimaphedwera kuseri kwa misika, ndipo malo ophera aukhondo apafupi, okhala ndi woyeza nyama m'mamawa, angathandize kuposa kulanda nyama kamodzikamodzi.

Tibwere ku mkaka. Buluselosisi amalowamo bwanji, ndipo mkaka wa kubawo woyezedwa kale si wabwino?

Tizilombo ta buluselosisi timakonda chiberekero ndi bere la chiweto. Ng'ombe yodwala imapoloza bere litakula, kawirikawiri m'miyezi itatu yomaliza, chibaliro chimakanirira osatuluka, ndipo nthawi zina mawondo amatupa madzi. Ikatero imaoneka ngati yachira, imadya bwino, mwina n'kudzabereka bwinobwino ulendo wotsatira, koma imapitiriza kutulutsa tizilombo mumkaka kwa zaka. Mkakawo suoneka wachilendo, sununkha, ndipo kukoma kwake sikusintha.

Alimi ang'onoang'ono a ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi madera ozungulira Blantyre amapereka mkaka kumalo osonkhanitsira a magulu awo, ambiri mwa iwo ali pansi pa bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association. Kumeneko mkaka umayezedwa ndi kachipangizo koyandama koona ngati wathiridwa madzi, ndiponso posakaniza pang'ono ndi mowa wa m'chipatala kuti aone ngati wayamba kusasa. Mayeso awiriwa ndi othandiza, koma sauza kanthu za buluselosisi. Matendawa amafuna mayeso akeake, a magazi a ng'ombe kapena a mkaka m'labotale. Chimene chimateteza mkaka wa m'mapaketi ndi kutenthetsedwa kufakitale, pa madigiri 72 kwa masekondi 15 kapena kuposerapo. Mkaka wa panjinga sunadzere kumeneko. Ungakhale wabwino kwambiri, wochokera kwa mlimi waukhondo amene wangofuna ndalama ya pompopompo, koma sunatenthetsedwe, ndipo ntchito imeneyo yatsalira inu.

Apa ndi pamene moto umagwiradi ntchito yonse. Kachilombo ka buluselosisi sikadzikuta m'chikhokho ngati ka anthiraksi, ndipo kamafa msanga ndi kutentha. Sefani mkaka, muuthire mumphika woyera, muziutakasa mpaka uwire n'kukwera, muusiye ubwate pang'ono kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kenaka muuphule, muvundikire, ndipo musaubwezere m'chigubu chimene unabweramo chisanatsukidwe. Kuwiritsa komweku kumaphanso tizilombo ta chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi ta matenda otsegula m'mimba. Kuthira mkaka wauwisi mu tiyi wotentha kapena m'phala lophula kale si kuwiritsa, chifukwa mkakawo umangoziziritsa tiyiyo. Kuika mufiriji nako sikupha tizilomboti, kumangotisunga.

Mbiri ya matendawa imatsimikizira zimenezi. Kachilomboka kanapezedwa mu 1887 pachilumba cha Malta ndi dokotala wa asilikali David Bruce, yemweyo amene pambuyo pake anadzagwira ntchito kuno ku Nyasaland pofufuza matenda a kaodzera. Asilikali a ku Britain ankadwala malungo osatha kwa zaka zambiri osadziwa gwero lake, mpaka mu 1905 pamene dokotala wa ku Malta, Themistocles Zammit, anapeza kuti anali kuchokera mumkaka wa mbuzi zooneka zathanzi. Mkaka wauwisi wa mbuzi utaletsedwa m'misasa yawo, matendawo anangotsala pang'ono kutheratu pakati pa asilikaliwo.

Koma chambiko chokoma ndi cha mkaka wosawiritsa, ndipo kusasa kumapha tizilombo. Si choncho?

Kusasa kumatichepetsa, koma sikutimaliza motsimikizika, ndipo tizilombo ta buluselosisi tingakhalebe tamoyo m'mkaka wosasa kwa masiku angapo, omwe ndi masiku amene chambiko chimadyedwa. Dandaulo lakuti mkaka wowiritsa suundana bwino lili ndi yankho losavuta. Wiritsani, muuleke uzizire mpaka ukhale wofunda pang'ono, muthiremo masupuni awiri kapena atatu a chambiko cha m'paketi pa lita imodzi, muvundikire n'kuusiya pamalo ofunda usiku wonse. Chambiko chotere chimaundana bwino, ndipo mungachipereke kwa mwana kapena mayi woyembekezera mtima uli m'malo.

Munthu wodwala buluselosisi amaoneka bwanji, nanga n'chifukwa chiyani sitimvako za odwala otere?

Sitimvako kwenikweni chifukwa matendawa amavala nkhope ya malungo. Tiyerekeze bambo wa ku Machinjiri amene amagwira ntchito yosenda ndi kutumbula mbuzi, ndipo amakonda kumwa mkaka wauwisi. Patapita masabata awiri kapena anayi atatenga tizilombo, thupi limayamba kutentha madzulo, usiku amatuluka thukuta mpaka kunyowetsa zofunda, m'mawa amadzuka ali bwinoko koma wofooka. Kuchipatala amubaya chala, malungo osapezeka. Amagula yekha mankhwala a malungo kugolosale, kutenthako kumatsika monga kukanatsikira kale pakokha, iye n'kuganiza kuti wachira. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri kumabwereranso, tsopano ndi kupweteka kwa msana, chiuno ndi mawondo, mwinanso kutupa kwa machende. Akuonda, ndipo achibale ayamba kunong'onezana za chifuwa chachikulu kapena za kulodzedwa. Kutentha kobwera ndi kupita kotereku, kwa masabata ambiri, malungo osapezeka, mwa munthu wogwira ziweto kapena womwa mkaka wosawiritsa, ndiko kuyenera kukumbutsa dokotala za buluselosisi, ndipo wodwalayo ayenera kutchula yekha ntchito yake ndi zimene amamwa.

Buluselosisi sapha kawirikawiri, koma amalanda munthu mphamvu zogwirira ntchito kwa miyezi, ndipo akalekereredwa amawononga mafupa a msana ngakhale mtima. Tizilombo take timabisala m'kati mwa maselo a thupi, motero mankhwala a masiku asanu amene anthu anazolowera sakwanira. Pamafunika mankhwala awiri pamodzi, kawirikawiri dokisisaikilini kawiri patsiku kwa masabata asanu ndi limodzi, pamodzi ndi rifampisini kapena majakisoni a sitireputomaisini. Amene wasiyira panjira poona kuti wapeza bwino, matenda amamubwerera. Mankhwalawa si ogula mwa inu nokha: rifampisini ndi mmodzi mwa mankhwala aakulu a chifuwa chachikulu, ndipo kumumwa mwachisawawa kungabise matendawo ndi kulimbitsa tizilombo take, pamene dokisisaikilini saperekedwa kwa amayi oyembekezera ndi ana aang'ono, omwe amapatsidwa mankhwala ena.

Mnofu wa chiweto chodwala buluselosisi sukhala ndi tizilombo tambiri, ndipo ukapsa bwino sukhala woopsa. Ngozi ili m'chiwindi, kapamba, bere, machende ndi chiberekero, makamaka kwa wozigwira zili zaziwisi. Wophera mbuzi kuseri kwa msika wa Bangwe akapeza kamwana m'mimba, kapena woweta wa m'mphepete mwa mzinda akathandiza ng'ombe yopoloza, asagwire ndi manja chabe. Avale magolovesi, kapena majumbo awiri ngati magolovesi palibe, akwirire mozama kamwanako pamodzi ndi chibaliro agalu asanazipeze, asambe ndi sopo mpaka m'zigongono, apatule ng'ombeyo kwa zinzake, ndipo aitane mlangizi wa ziweto kuti adzaitenge magazi mkaka wake usanagulitsidwenso.